Tsiku lotsekera lapita, ku yunivesite kuli zii: kalembedwe ka imelo yachiwiri

Nyengo yofunsira malo m'mayunivesite ikatha, pamatsala anthu ena amene sanalandiridwe, komanso sanakanidwe. Awa ndi amene tsiku lotsekera linawapitirira. Wina fomu anaitumiza mochedwa ndi tsiku limodzi, wina chikalata cha magiredi chinatuluka patapita sabata, wina ndalama yofunsira malo inakanirira ku banki. Atazindikira zimenezi analemba imelo ku ofesi yolandira ophunzira atsopano, kupepesa ndi kupempha kuti awaganizire. Kenaka kunangoti zii. Sabata yatha, ina yayambika, foni ili m'manja usana ndi usiku, koma yankho osabwera.

Apa m'pamene ambiri amatayira mwayi umene unali ukadalipo. Ena amangogwa ulesi n'kunena kuti kusayankhako ndiye kukana. Ena mtima umawaphulika, n'kuyamba kutumiza imelo m'mawa, masana ndi madzulo kwa aliyense amene adiresi yake aipeza. Njira zonse ziwirizi sizithandiza. Kusayankha kwa ofesi yotere nthawi zambiri sikutanthauza kuti nkhani yanu aiweruza. Kawirikawiri kumatanthauza kuti kalata yanu sinafike kwa munthu woyenera, kapena inafika koma inali yovuta kuiyankha. Choncho ntchito ya imelo yachiwiri ndi imodzi: kupangitsa kuti kalaliki wotanganidwa akupezeni m'kaundula wake, amve chimene mukufunsa, ndipo athe kuyankha asanachoke pampando.

Yambani mwafufuza ngati yoyamba ija inafikadi

Musanalembe chilichonse, tsegulani Sent muone imelo yoyamba ija ndi maso atsopano. Werengani adiresi chilembo ndi chilembo. Ambiri amangodina Reply pa uthenga umene makina a yunivesite anawatumizira atalembetsa, osaona kuti adiresi yake ikuyamba ndi noreply kapena donotreply. Bokosi lotere silitsegulidwa ndi munthu, ndipo mukhoza kudikira chaka chathunthu osamva kanthu. Onaninso mathero a adiresiyo. Mayunivesite a kuno kwathu amathera ndi ac.mw, a ku South Africa ndi ac.za, a ku Briteni ndi ac.uk, ndipo chilembo chimodzi chikasokonekera kalata imapita kwina kapena imabwerera.

Ikabwerera pamabwera uthenga wochokera ku makina, umene mu Gmail umaoneka ndi dzina lakuti Mail Delivery Subsystem, nthawi zambiri uli ndi mawu akuti Address not found. Uthengawu umabisala pakati pa mauthenga ena, choncho ufufuzeni. Tsegulaninso Spam kapena Junk, chifukwa yankho la yunivesite likhoza kukhala litagwera m'menemo kalekale. Ngati munamata mafayilo olemera, chimenecho chikhozanso kukhala chifukwa chake. Gmail salola mafayilo opitirira 25 MB pa imelo imodzi, ndipo makina a maofesi ena amakana ngakhale ocheperapo. Zithunzi zingapo za satifiketi zojambulidwa pa foni yamakono zimafika pamenepo msanga.

Kenaka lowani pa tsamba limene munalembetserapo pa intaneti. Mayunivesite ambiri akunja amalankhula ndi ofunsira malo kudzera pamenepo, ndipo yankho likhoza kukhala likukudikirani m'kati, kapena mzere wosonyeza pamene fomu yanu yafika ukhoza kukhala utasintha. Ngati munalandira yankho la makina mutangotumiza imelo yoyamba, liwerengeninso modekha. Ambiri mwa mayankho amenewa amapereka nambala ya nkhani yanu ndi kutchula masiku a ntchito amene ofesi imatenga kuti iyankhe. Nambala imeneyo muisunge, chifukwa ndiyo idzatsogolere imelo yachiwiri.

Dziwani kuti ndi tsiku lanji limene lakupitirirani

Masiku otsekera sali amtundu umodzi, ndipo chimene mungapemphe chimadalira mtundu wa tsiku limene mwaphonya.

Pali masiku amene ofesi ya yunivesite ilibe mphamvu pa iwo, chifukwa anaikidwa ndi bungwe lina. Kuno ku Malawi, omaliza Fomu 4 amene akufuna kusankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, monga UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST, amafunsira kudzera ku bungwe la NCHE. Munthu akaphonya tsiku la NCHE n'kulembera yunivesite imodzi mwa amenewa, ndiye kuti wagogoda pa khomo lolakwika, pakuti si iwo amene amatsegula kapena kutseka ndondomekoyo. Koma ofunsira malo a ophunzira achikulire kapena digiri yachiwiri amalembera ku yunivesite yeniyeniyo, kudzera ku ofesi ya mlembi wamkulu, ndipo kumeneko funso lawo lili ndi mwini wake.

Pali masiku ena amene akapita chitseko chimangotsekeka mbali imodzi. Chitsanzo chabwino ndi cha ku Briteni, kumene ofunsira digiri yoyamba amadutsira ku bungwe la UCAS. Tsiku la 15 Okutobala ndi la ofuna Oxford, Cambridge ndi maphunziro ambiri a udokotala, ndipo limenelo ndi lolimba kwambiri. Maphunziro ena ambiri ali ndi tsiku lawo mu Januwale, ndipo amene afunsira lisanapite amaganiziridwa mofanana. Wochedwa amaloledwabe kutumiza fomu mpaka 30 Juni, kungoti yunivesite imaiona pokhapokha ngati malo alipo ndipo yafuna kutero. Mafomu ofika pambuyo pa 30 Juni amalowa mu ndondomeko yotchedwa Clearing, yogawa malo otsala. Munthu wophonya tsiku la mu Januwale safunika kupempha chifundo. Funso lake ndi lachidule: kodi pa maphunziro akutiakuti mukulandirabe mafomu ochedwa?

Mtundu wachitatu ndi wa masiku otumizira zikalata zotsalira, pamene fomu yeniyeniyo inalowa pa nthawi yake. Zikalatazo ndi monga za magiredi, kalata ya munthu wokuchitirani umboni, zotsatira za mayeso a Chingerezi a IELTS, kapena risiti ya ndalama yofunsira malo. Apa m'pamene mpata umapezeka kwambiri, makamaka pa digiri yachiwiri, chifukwa dzina lanu lili kale m'kaundula ndipo dipatimenti imakhala isanamalize kusankha. Koma samalani ndi masiku a thandizo la ndalama za maphunziro. Amenewo nthawi zambiri sasunthika ngakhale pang'ono, ndipo zimatheka yunivesite kukupatsani malo pamene mwayi wa thandizolo unapita kale.

Tiyerekeze nkhani imodzi

Tiyerekeze mayi wina, mphunzitsi wa ku sekondale ku Kasungu, amene akufuna kukachita digiri yachiwiri ya zamaphunziro pa yunivesite ina ku South Africa. Tsiku lotsekera linali 30 Seputembala. Fomu anaidzaza pa intaneti pa 20 Seputembala, ndalama analipira, nambala yake ya wofunsira malo analandira. Chimene chinatsala ndi chikalata cha magiredi a digiri yake yoyamba, chimene koleji yake yakale inatulutsa pa 9 Okutobala.

Mawa lake, Lachisanu pa 10 Okutobala madzulo, mayiyu analemba imelo yaitali. Pamutu pake anangolemba mawu opempha thandizo mwachangu. Anayamba ndi kufotokoza za ubwana wake, za chikondi chake pa uphunzitsi, za maulendo amene anayenda kukalondola chikalatacho, ndipo anapepesa m'ndime iliyonse. Nambala ya wofunsira malo sanailembe. Dzina la maphunziro analitchula kumapeto. Imeloyo anaitumiza kuchokera pa adiresi ya kusukulu kumene amagwira ntchito, pamene fomu analembetsera pa adiresi yake ya Gmail, ndipo anaipititsa ku adiresi ya mafunso wamba imene anaiona pansi pa tsamba loyamba la yunivesiteyo. Anamatanso zithunzi zisanu ndi chimodzi za foni.

Tsopano taganizirani kalaliki amene watsegula bokosi Lolemba m'mawa, mafomu atangotsekedwa kumene, mauthenga ali mulu. Wafika pa kalata ya mayiyu. Kuti amupeze m'kaundula akufunika nambala, koma palibe. Akafufuza ndi adiresi imene kalatayo yachokera, makina sakumupeza. Akafufuza ndi dzina, sakudziwa kuti mwa mayina atatuwo la bambo ndi liti. Ngakhale atamupeza, malamulo oteteza zinsinsi za anthu, monga lamulo la POPIA ku South Africa, amachititsa maofesi kukhala osamala pokamba za fomu ya munthu ndi adiresi imene sakuidziwa. Pamwamba pa zonsezo, nkhani ya digiri yachiwiri si ya bokosi limeneli, ndi ya ofesi ya fakote. Kalalikiyo alibe nkhanza. Amangoiika pambali kalatayo kuti aione akapeza mpata, ndipo mpatawo supezeka.

Kudikira kwake n'kotani

Ngati yankho la makina linatchula masiku, werengani amenewo kaye athe. Ngati panalibe, masiku asanu a ntchito ndi poyambira pabwino, ndipo kupitirira masiku khumi n'kudzichedwetsa nokha. Werengani masiku a ntchito a kwawoko, osati a kwanu. Tsiku la anakubala la pa 15 Okutobala ndi tchuthi kuno, koma ku South Africa maofesi amakhala otsegula. Nawonso ali ndi masiku awo, ndipo kuyambira chapakati pa Disembala mpaka kumayambiriro kwa Januwale maofesi ambiri a mayunivesite kumeneko amakhala otseka kapena ali ndi anthu ochepa. Ku Briteni nako amatseka pakati pa Khirisimasi ndi chaka chatsopano.

Mayi wa ku Kasungu anatumiza Lachisanu madzulo ofesi itatseka kale, choncho tsiku loyamba lowerenga ndi Lolemba pa 13. Masiku asanu akutha Lachisanu pa 17. Imelo yachiwiri iyenera kupita Lolemba pa 20 Okutobala kapena mawa lake, m'mawa ofesi ikungotsegulidwa. Nthawi ya ku South Africa ndi yofanana ndi yathu. Ya ku Briteni imatsalira ndi maola awiri m'miyezi yawo yozizira ndi ola limodzi m'miyezi yotentha, moti 9 koloko m'mawa ku London mu Januwale ndi 11 koloko kuno. Mu Gmail muli Schedule send, imene imalola kulemba usiku n'kuiuza kuti itumize m'mawa pa ola limene mwasankha.

Kudikira kumafupika ngati pali tsiku lina limene likuyandikira, monga lovomerezera malo kapena loyambira maphunziro. Zikatero masiku awiri kapena atatu akwana, ndipo muimbenso foni tsiku lomwelo.

Imelo yeniyeniyo

Ngati yoyamba inapita ku adiresi yoyenera kuchokera pa adiresi imene munalembetsera, tsegulani yomweyo n'kudina Reply, kuti kalata yakale ioneke pansi pa yatsopano pamodzi ndi tsiku lake. Maofesi ambiri amagwiritsa ntchito makina opereka nambala ku nkhani iliyonse, ndipo imelo yatsopano yosalumikizana ndi yakale imatsegula nkhani ina, imene imayamba kudikira kumapeto kwa mzere. Koma ngati yoyamba inasokera, monga ya mayi uja, yambani yatsopano kuchokera pa adiresi yolembetsera, ipite ku ofesi yoyenera, ndipo mungotchula tsiku limene munalemba koyamba.

Mzere wa Subject ndiwo umaoneka kalata isanatsegulidwe, choncho muikemo zinthu zinayi: nambala ya wofunsira malo, dzina monga lilili pa fomu, dzina la maphunziro, ndi nkhani yake m'mawu ochepa. Mawu ofuula a zilembo zikuluzikulu asapezekemo.

Kalatayo idzalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo zake, kwa mayi wa ku Kasungu, zikhala motere:

Kwa a ofesi ya maphunziro a digiri yachiwiri,

Ndine uje, nambala yanga ya wofunsira malo ndi yakutiyakuti. Ndinafunsira malo pa digiri yachiwiri ya zamaphunziro yoyamba mu Febuluwale chaka chamawa. Ndikulondola imelo imene ndinatumiza pa 10 Okutobala ku adiresi ya mafunso wamba, imene sindinalandire yankho lake.

Fomu yanga ndi malipiro zinalowa pa 20 Seputembala, tsiku lotsekera lisanafike. Chikalata cha magiredi chokha ndicho chinachedwa, chifukwa koleji yanga inachitulutsa pa 9 Okutobala. Ndachimata pano pamodzi ndi risiti yosonyeza tsiku limene ndinachipempha.

Funso langa ndi ili: kodi chikalatachi chingalandiridwe kuti fomu yanga iganiziridwe chaka chino? Ngati n'zosatheka, chonde mundiuze ngati fomuyi ingasungidwe mpaka nyengo yotsatira. Ngati nkhaniyi ndi ya ofesi ina, ndithokoza mukandiuza koyenera kulembera.

Zikomo kwambiri.

Pansi pake alembe dzina lonse, nambala ija kachiwiri, ndi nambala ya foni yoyamba ndi +265.

Kalata yonseyi imakwana pa galasi la foni, ndipo chiganizo chilichonse chili ndi ntchito yake. Ndime yoyamba imathandiza kalaliki kupeza fomu. Yachiwiri imamuuza kuti vuto ndi laling'ono kuposa mmene akanaganizira: munthuyu sanachedwe kufunsira malo, chachedwa ndi pepala limodzi, ndipo pepalalo lili pomwepo. Mfundo imeneyi ndi yamphamvu kuposa zonse. Kupempha kuti akuwonjezereni masiku kumafuna kuti wina akukhulupirireni ndi kukudikirani, pamene kutumiza chinthu chomwecho chimene chinasowa kumangofuna kuti wina anene kuti inde. Ngati chikalatacho sichinatulukebe, tchulani tsiku lenileni limene mukuchiyembekezera ndipo mumate umboni wakuti munachipempha. Ofunsira digiri yachiwiri ku South Africa nthawi zambiri amafunikanso satifiketi ya bungwe la SAQA, limene limaunika maphunziro ochitidwa kunja kwa dzikolo, ndipo imatenga masabata kuti ituluke. Ngati ndi imeneyo yachedwa, funsani ngati angalandire kaye umboni wakuti munaipempha kale.

Ndime yachitatu ili ndi funso limene yankho lake ndi inde kapena ayi, ndipo yatsegula njira zina ziwiri. Zimenezi zimathandiza chifukwa kalaliki amene alibe mphamvu yovomera amakhala ndi choti ayankhebe. Akhoza kukulozerani kwa mwini nkhani, kapena kukuuzani za nyengo yotsatira, m'malo mongokhala chete poopa kulonjeza.

Mafayilo akhale a PDF, tsamba lililonse loongoka ndi lowerengeka, chidindo ndi tsiku zikuoneka bwino. Masamba a chikalata chimodzi alumikizidwe m'fayilo imodzi, ndipo dzina la fayiloyo likhale ndi dzina lanu ndi nambala yanu, osati manambala amene foni imapereka yokha ku zithunzi. Ngati tsamba lolembetsera likulolabe kuikapo zikalata, ikaninso pomwepo ndipo mutchule m'kalata kuti mwatero.

Za kupepesa ndi za chifukwa

Ife tinaleredwa kuti popempha kanthu kwa akuluakulu timayamba ndi malonje, kudzichepetsa ndi kupepesa, nkhani yeniyeni n'kubwera pambuyo. Pamaso ndi pamaso ndi ulemu wabwino. Koma m'bokosi la ofesi yotanganidwa, ulemu waukulu ndi kusamutayitsa nthawi wowerenga. Pepani sapoza chilonda, ndipo kupepesa kanayi sikusintha tsiku limene chikalata chinafika. Kupepesa kamodzi n'kokwanira, mwinanso kungovomereza kuti tsikulo linadutsa.

Chifukwa chochedwera chinenedwe m'chiganizo chimodzi, chikhale choona, ndipo ngati n'kotheka chikhale ndi pepala lokhala ndi tsiku. Zifukwa zimene maofesi amazimvera kwambiri ndi zimene munthu sakanatha kuzipewa: matenda aakulu, maliro a wachibale wapafupi, kuchedwa kwa bungwe lotulutsa chikalata, kapena kufa kwa makina a yunivesite yomweyo. Pa chomalizachi, chithunzi cha galasi la kompyuta chosonyeza uthenga wa vutolo, tsiku ndi ola, chimalankhula kuposa ndime zitatu. Kuzima kwa magetsi ndi kuvuta kwa netiweki ndi zoona pa moyo wathu, koma pazokha n'zofooka, popeza wowerenga amadziwa kuti mafomu anali otsegula kwa miyezi. Ngati munangosokoneza tsiku kapena ola, nenani choncho mwachidule n'kupita ku funso lanu.

Chimene simuyenera kuchita ngakhale zitavuta bwanji ndi kupeka matenda kapena kukonzetsa kalata yabodza ya kuchipatala. Mayunivesite amatha kufufuza zikalata, ndipo bodza likadziwika amalanda malo ngakhale munthu atayamba kale maphunziro. Kuchedwa kumakutayitsani nyengo imodzi yokha, koma chinyengo chikhoza kukutsekerani sukuluyo mpaka kalekale.

Musadzudzulenso ofesi chifukwa chosayankha. N'zowawa kudikira, koma amene anaphonya tsiku ndinu, ndipo chimene mukupempha iwo sakakamizidwa kuchipereka. Kungotchula tsiku la imelo yoyamba n'kokwanira, wowerenga adziwerengera yekha kuti papita nthawi yaitali bwanji. Ndipo lembani nokha. Makolo, amalume kapena abwana akalemba m'malo mwanu, ofesi zambiri zakunja sizingawauze chilichonse chokhudza fomu yanu popanda chilolezo chanu cholembedwa.

Yachiwirinso ikapanda kuyankhidwa

Pakapita masiku ena atatu kapena asanu a ntchito kuli chete, imelo yachitatu yopita ku bokosi lomwelo siithandiza. Sinthani njira. Imbani foni m'mawa, mutakonzeratu papepala nambala yanu, dzina la maphunziro, ndi masiku awiri amene munalemba. Mayunitsi oimbira kunja amatha msanga, choncho funso likhale lokonzeka: kodi imelo yanga inafika, ndipo ndani amene amaweruza za zikalata zochedwa? Musanadule, funsani dzina la amene mwalankhula naye ndi adiresi yoyenera. Mukatero lembani imelo yaifupi tsiku lomwelo yobwereza zimene mwagwirizana, chifukwa lonjezo la pafoni lopanda cholembedwa limaiwalika. Ngati yunivesiteyo ili kuno kwathu ndipo mungathe kufikako, pitani nokha ku ofesi ya mlembi wamkulu mutanyamula makope a zikalata zonse ndi imelo zija zitasindikizidwa, ndipo mupemphe kuti kope lanu alidinde posonyeza tsiku limene alandira.

Pa digiri yachiwiri, mphamvu yolandira fomu yochedwa kawirikawiri imakhala ku dipatimenti, kwa mphunzitsi woyang'anira maphunzirowo kapena kwa kalaliki wa fakote. Ofunsira ochokera kunja alinso ndi ofesi yawo yoona za ophunzira a m'mayiko ena. Lemberani mmodzi mwa amenewa, mutchule kuti munalembera kale ofesi yolandira ophunzira pa masiku akutiakuti, ndipo ofesiyo muiike pa Cc. Kuika anthu khumi pa kalata imodzi kumachititsa aliyense kuganiza kuti mnzake ayankha. Kulumphira kwa mkulu wa yunivesite yonse nako sikufulumizitsa kanthu, chifukwa kalatayo imangotsitsidwa kubwerera ku ofesi yomwe ija.

Pa nthawi ngati imeneyi pamatulukanso anthu onena kuti ali ndi mnzawo m'kati amene angalowetse fomu yochedwa mukatumiza kangachepe pa foni. Mayunivesite ena alidi ndi malipiro a mafomu ochedwa, koma amalembedwa poyera ndipo amalipiridwa ku akaunti ya yunivesite, risiti n'kutuluka. Ndalama yopita ku nambala ya munthu ndi yotayika, ndipo ikhoza kukuikani m'mlandu.

Mayankho amene angabwere

Mayi wa ku Kasungu akhoza kulandira limodzi mwa mayankho atatu. Loyamba ndi lakuti chikalata chalandiridwa. Zikatero athokoze m'mizere iwiri, asunge imeloyo, ndipo pakapita masiku angapo aone pa tsamba lolembetsera ngati fomu yake yasintha kukhala yokwanira. Ngati sinasinthe, ayankhe pa imelo yomweyo kuwadziwitsa. Azikumbukiranso kuti kulandiridwa kwa chikalata si kupatsidwa malo, fomu yangolowa m'gulu la zoti ziunikidwe.

Lachiwiri ndi lakuti nkhani yatumizidwa ku dipatimenti. Limeneli ndi yankho labwino, chifukwa tsopano yafika kwa oweruza. Afunse mwaulemu kuti angayembekezere kumva liti, ndipo asalembenso tsikulo lisanakwane.

Lachitatu ndi lakuti ayi. Kukana komveka bwino kotere n'kothandiza kuposa kukhala m'chikayiko mwezi wathunthu, ndipo si nthawi yotsutsana. Ndi nthawi yofunsa zinthu zitatu: kodi nyengo yotsatira yofunsira malo itsegulidwa liti, kodi fomu ndi malipiro zingasamutsidwire kumeneko kapena ayambirenso, ndipo kodi zikalata zimene anatumiza zidzagwirabe ntchito. Funso lomalizali ndi lofunika kwa amene analemba IELTS, pakuti zotsatira zake zimalandiridwa kwa zaka ziwiri zokha.

Pali malire enanso amene wopita kunja ayenera kuwerengera yekha, ofesi isanamuuze. Chaka cha maphunziro ku South Africa chimayamba mu Febuluwale, ndipo chitupa cha viza ya maphunziro sichingapemphedwe popanda kalata yakuti mwalandiridwa. Ku Briteni maphunziro ambiri amayamba mu Seputembala kapena Okutobala, ndipo viza imafuna nambala ya CAS yochokera ku yunivesite, komanso kwa okhala ku Malawi, satifiketi yosonyeza kuti anayezedwa chifuwa chachikulu. Zonsezi zimadya masabata. Choncho werengani chobwerera kuchokera pa tsiku loyamba maphunziro, muchotse nthawi ya viza, ya kupeza ndalama zakunja ndi ya kupempha tchuthi kuntchito, ndipo mupeza tsiku limene inde wa yunivesite sangakuthandizeninso chaka chino. Mayi uja akafika chapakati pa Disembala asanamve kanthu, maofesi akutseka, chanzeru n'kusintha pempho lake kuti fomu iganiziridwe nyengo yotsatira.

Pamene mukudikira, musaimitse zina zonse. Mayunivesite satseka tsiku limodzi, ndipo ena amalandira ophunzira kawiri pachaka. Zikalata zimene mwasonkhanitsa movutikira zija tsopano zili m'manja, zokonzeka kupita kulikonse kumene kukadali kotsegula. Imelo ziwiri zolembedwa bwino, foni imodzi, ndi kalata imodzi kwa woyang'anira maphunziro n'zokwanira pa sukulu imodzi. Zikapanda kubala kanthu, lembani m'buku lanu tsiku limene mafomu adzatsegulidwenso, ndipo chikalata cha magiredi, satifiketi ya SAQA ndi makalata a umboni muzipemphe miyezi iwiri kapena itatu tsiku lotsekera lisanafike, chifukwa zimenezi zimatuluka pa nthawi ya anthu ena, osati yanu.